Gemu ndinagula ndi ndalama zanga, koma ikukana kutseguka ponena kuti umwini wake sukutsimikizika

Bambo a Tadala

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino. Ndili ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa masiku anayi tsopano, ndipo ndikupempha amene amadziwa bwino za magemu a pakompyuta kuti andiunikire. Chaka chatha ndinagula gemu ya Far Cry 5 pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, nthawi imene mitengo inatsitsidwa, ndinalipira ndi khadi langa la kubanki, ndipo ndakhala ndikusewera bwinobwino madzulo ndikaweruka kuntchito. Sabata yatha disiki ya mu laputopu yanga inayamba kufooka, moti ndinagula ina n'kuikamo Windows mwatsopano. Pofuna kupulumutsa bandulo sindinadawunilodenso gemuyo, koma ndinakopera foda yake kuchokera mu disiki yakale. Steam inawapeza mafayilowo, inawayendera onse, ndipo batani la Play linaoneka lobiriwira monga mwa masiku onse.

Nditadina Play panatseguka pulogalamu ina yotchedwa Ubisoft Connect, imene inandifunsa imelo ndi pasiwedi. Sindinakumbukire kuti ndinatsegulako akaunti kumeneko, choncho ndinatsegula yatsopano ndi imelo yanga. Nditangolowa panabwera uthenga wakuti "There was a problem authenticating the ownership of this product", ndipo gemu siinatseguke. Mnzanga wina wa kuntchito anandiuza kuti ndiike Steam pa Go Offline kuti isamafunse za umwini, ndinachita zimenezo, koma uthenga ndi womwewo. Kodi ndalama zanga zalowa m'madzi, kapena pali chimene ndingachite?

Mnyamata wa ku Ndirande

Pepani ndi vutoli bambo. Ine ndikuganiza kuti mafayilo ena anaonongeka pokopera, chifukwa disiki imene yayamba kufooka siikopera zinthu mokhulupirika. Pitani pa dzina la gemuyo mu Steam, musankhe Properties, kenako Installed Files, ndipo mudine Verify integrity of game files. Ikamaliza mutseke zonse, muzimitse intaneti yeniyeniyo osati kungodina Go Offline, ndiye mutsegule Steam ndi Run as administrator. Kwa ine magemu ambiri amene ankavuta anatseguka mwa njira imeneyi.

Nachisale

Achimwene a ku Ndirande anena zoona pa mfundo yakuti disiki yofooka imatha kuononga mafayilo, koma uthenga umene Bambo a Tadala alandira sukunena za mafayilo. Mafayilo akaonongeka, gemu imatseguka n'kudzitseka yokha, kapena imadandaula kuti fayilo yakutiyakuti ikusowa. Uthenga uwu ukunena za umwini, ndipo umwini susungidwa mu foda ya gemu ayi, umalembedwa pa akaunti ku maseva a kampani. Verify ingodya nthawi, ndipo ikapeza kanthu kosiyana idzadawunilodanso n'kudya bandulo imene bambowa akuisunga.

Ndimakonza makompyuta, ndipo vutoli ndakumana nalo kangapo kwa anthu amene angoika Windows mwatsopano. Gemu imeneyi ili ndi makomo awiri. Khomo loyamba ndi Steam, limene limadziwa kuti inu munalipira, ndipo lakutsegulirani kale, n'chifukwa chake batani ndi lobiriwira. Khomo lachiwiri ndi la Ubisoft Connect, pulogalamu ya Ubisoft, kampani imene inapanga gemuyi. Tsiku limene gemu ya mtundu uwu ikutsegulidwa koyamba, imamangirizidwa ku akaunti ya Ubisoft imene inali yolowedwa pa kompyutayo pa nthawiyo, ndipo imakhala ya akaunti imeneyo mpaka kalekale. Inu mwabwera pa khomo lachiwirili ndi akaunti yongobadwa dzulo, imene ilibe gemu iliyonse, ndiye pulogalamuyo ikafunsa ku seva ngati akauntiyi ili ndi Far Cry 5, yankho likubwera lakuti ayi.

Ndikupemphani muchite chinthu chimodzi musanakhudze china chilichonse. Tsegulani Ubisoft Connect payokha, osadzera mu Steam, muyang'ane pa mndandanda wa magemu a akaunti yatsopanoyo. Mutiuze ngati Far Cry 5 ikuoneka pamenepo. Komanso mukumbukire bwino: tsiku limene munasewera koyamba chaka chatha, munafunsidwa pasiwedi ya Ubisoft kapena gemu inangotseguka?

Bambo a Tadala

Zikomo kwambiri mayi. Ndayang'ana, ndipo mndandandawo ndi wopanda kanthu. Za tsiku loyambalo, ndikukumbukira kuti panabwera kabokosi kena kofunsa ngati ndikuvomereza, ndinadina kuvomera mothamanga chifukwa mtima unali pa kusewera, koma pasiwedi sindinalembe. Ndafufuzanso mu maimelo anga onse awiri, wa kuntchito ndi wa ine mwini, ndipo uthenga wochokera ku Ubisoft umene ndaupeza ndi wa sabata ino wokha, wondilandira pa akaunti yatsopanoyi. Risiti ya Steam ya chaka chatha ilipo.

Nachisale

Ngati simunalembe pasiwedi, ndiye kuti pa laputopuyo panali kale akaunti ya munthu wina yolowedwa, ndipo kabokosi kamene munadina mothamanga kaja n'kutheka kuti kankakufunsani ngati mukuvomera kuti gemu ilembedwe pa akaunti imeneyo. Ndani wina ankagwiritsa ntchito laputopuyo chaka chatha? Poti disiki yakale mukadali nayo, ilumikizeni ndipo mutsegule foda iyi, kungosintha chilembo choyambirira kuti chigwirizane ndi chimene disiki yakaleyo yapatsidwa:

```
C:\Program Files (x86)\Ubisoft\Ubisoft Game Launcher\savegames
```

M'kati mwake mupeza foda ya dzina lalitali la manambala ndi zilembo zosakanikirana. Dzina limenelo ndi nambala ya akaunti, ndipo akaunti iliyonse imene inasewerapo pa kompyutayo imakhala ndi foda yakeyake. Yerekezani ndi dzina la foda imene ingaoneke pa disiki yatsopano. Yang'ananinso masiku a mafayilo a m'katimo, chifukwa mukapeza ena akale kuposa tsiku limene munagula gemu yanu, ndiye kuti mwini akauntiyo anayamba kusewerapo inu musanabwere. Foda yonseyo muikopere pamalo abwino lero lomwe, popeza muli ulendo wanu wonse wa mu gemu, ndipo disikiyo ikhoza kufa tsiku lililonse.

Wa ku Joni

Ine zinandichitikira zofanana ndi zimenezi pa PS4. Ndinagula gemu ya mpira pa akaunti yanga, kenako ndinapatsa mng'ono wanga pasiwedi kuti nayenso adawunilode kwawo. Patapita masiku, intaneti ya panyumba itathima, pa chithunzi cha gemu panaoneka kaloko, ndipo tsiku lina ndili pakati pa masewero panabwera uthenga wakuti laisensi siikutsimikizika ndipo gemu itsekedwa pakatha mphindi 15. Chimene chinachitika n'chakuti mng'ono wangayo anadina Activate as Your Primary PS4 pa makina ake, ndiye anga anasanduka achiwiri, amene amafuna intaneti nthawi zonse kuti atsimikize. Nditabweza Primary kwa ine ndi kudina Restore Licenses zonse zinatheka. Bambo a Tadala, fufuzani pamene pali Restore Licenses pa kompyuta yanuyo.

Nachisale

Achimwene a ku Joni, pa Steam ndi pa Ubisoft Connect palibe batani la Restore Licenses, limenelo ndi la PlayStation. Komabe nkhani yanu ikuthandiza pa mfundo imodzi. Makina anu atakhala Primary ankasunga chilolezo m'kati mwawo ndipo ankasewera popanda intaneti, koma atachotsedwa pa udindowo analibe chosunga, n'chifukwa chake ankafunsa ku seva nthawi ndi nthawi. Pa PS5 chinthu chomwecho chimatchedwa Console Sharing and Offline Play, ndipo akaunti imodzi imachiyatsa pa PS5 imodzi yokha pa nthawi imodzi. Vuto la bambowa ndi losiyana pang'ono, chifukwa inu munali pa akaunti yoyenera koma pa makina osavomerezedwa, pamene iwo makina alibe mlandu, koma akaunti ndiyo yolakwika.

Bambo a Tadala

Mayi, mwalasa. Mu foda ija muli mafayilo a miyezi itatu ndisanagule gemu yanga. Nthawi imeneyo kunyumba kwathu kunkakhala mwana wa achemwali anga, amene ankadikira zotsatira za mayeso a fomu 4, ndipo masana ine ndili kuntchito ankakhala pa laputopuyi. Ndamuimbira foni, ndipo wavomera kuti anatsegula akaunti ya Ubisoft pofuna gemu ina imene inkaperekedwa ulere, ndipo sanatulukemo pochoka. Mwanayo sanalakwe kanthu, wolakwa ndi ine amene ndinadina osawerenga. Pasiwedi anaiwala, koma imelo yake ikugwirabe ntchito, ndiye wapempha yatsopano ndipo wanditumizira. Polowa panafunika nambala yotsimikizira imene inapita kwa iye, anandiwerengera pa foni, ndipo pa mndandanda wa magemu Far Cry 5 ilipo. Ndadina Play mu Steam ndipo yatseguka, ngakhalenso pamene ndinalekezera papezeka.

Tsopano ndili ndi funso limene linandibweretsa pa nkhani ya Go Offline poyamba. Lachisanu likubwerali ndikupita kumudzi kukakhala milungu itatu, ndipo kumeneko netiweki imapezeka mwa apo ndi apo. Magetsi a sola alipo. Sindikufuna kukafika kumeneko n'kupeza kuti pulogalamu ikufunanso nambala yochokera kwa mwana amene ali kusukulu. Ndichite chiyani ndisananyamuke, ndipo n'chifukwa chiyani Go Offline siinandithandize tsiku lija?

Nachisale

Siinakuthandizeni pa zifukwa ziwiri. Choyamba, munaika Steam pa ofulayini, pamene amene ankakukanizani anali Ubisoft Connect, ndipo mapulogalamu awiriwa aliyense ali ndi ofulayini yakeyake. Chachiwiri, chimene ndi chachikulu, ofulayini siipanga chilolezo. Chimene imachita ndi kugwiritsa ntchito yankho limene seva inapereka ulendo womaliza pamene munali pa intaneti, limene pulogalamu inalisunga pa disiki. Ngati yankho losungidwalo ndi lakuti akauntiyi ili ndi gemu, mudzasewera ngakhale netiweki kulibe kapena maseva a kampani agwa. Ngati yankho losungidwalo ndi lakuti ilibe, kapena palibe yankho lililonse chifukwa Windows ndi yatsopano, kuzimitsa intaneti kumangotsekera pulogalamuyo njira yokhayo imene ikanapezera yankho labwino. Tsiku lija inu munali ndi disiki yatsopano yopanda chosungidwa, komanso akaunti yopanda gemu.

Lero zinthu zasintha chifukwa gemu yatseguka kamodzi muli pa intaneti ndi akaunti yoyenera, ndiye chosunga chilipo. Muyambe ndi Steam. Polowa muonetsetse kuti Remember me ndi yochongedwa, ndipo mu Settings musayatse chisankho chakuti Don't save account credentials on this computer, chifukwa chikayatsidwa Steam siikumbukira kuti ndinu ndani ndipo siingalowe popanda intaneti. Kenako muyang'ane pa Downloads kuti pasakhale apudeti ya gemuyi imene ikudikira kapena yaima pakati, popeza gemu imene Steam ikuidziwa kuti ikufunika apudeti ikhoza kukana kutseguka pa ofulayini. Mukatero mutsegule gemu, mulowe mpaka m'kati mwenimweni mwa masewero osati pa chithunzi choyamba chokha, musewere mphindi zingapo, ndipo mutuluke mwadongosolo.

Mukamaliza apo mupite ku Ubisoft Connect. Nayonso iyenera kukumbukira akaunti, ndipo mu Settings, pa gawo la Network, muli chisankho choti iziyamba pa ofulayini nthawi zonse, chimene muyenera kuchichonga. Musadine Log out ngakhale pang'ono, chifukwa mukatuluka mudzafunika intaneti, pasiwedi, mwinanso nambala ija kuti mulowenso. Pomaliza mubwerere ku Steam, mudine dzina la Steam pamwamba kumanzere, musankhe Go Offline, ndipo muvomere.

Chimene anthu ambiri amachidumpha ndi kuyesa. Muzimitse intaneti pa laputopu, muizimitse laputopuyo kotheratu, muiyatsenso, ndipo mutsegule gemu ngati kuti muli kale kumudzi. Muchite zimenezi lero kapena mawa, osati Lachisanu m'mawa katundu ali pakhomo, kuti chikavuta mukhale ndi nthawi yokonza muli pafupi ndi netiweki.

Mnyamata wa ku Ndirande

Ndavomera kuti za mafayilo ndinaphonya. Koma ndikufuna kuwonjezera chimene ndinawerenga, chakuti uthenga wa umwiniwu umatha ukachotsa foda yotchedwa cache ya Ubisoft Connect. Ndikuganiza kuti bambowa aichotseretu asananyamuke kuti pulogalamu ikhale yoyera, vutoli lisakabwerere kumudzi.

Mphunzitsi wa ku Dedza

Chonde Bambo a Tadala musachite zimenezo, ndikulankhula monga munthu amene anadziwotcha yekha. Ndimaphunzitsa pa sukulu ya kumudzi kumene netiweki imagwira pamalo amodzi okha, pa chulu chimene chili kuseri kwa bwalo la mpira. Gemu yanga ina ya kampani yomweyi inkayenda bwino pa ofulayini kwa milungu ingapo. Tsiku lina inachedwa kutseguka, ndipo pokumbukira malangizo ngati amenewa ndinachotsa foda ya cache ndili m'nyumba mopanda netiweki. Kuchokera pamenepo pulogalamu siinathenso kuonetsa magemu anga, ndipo Loweruka lonse linapita pachabe. Lamulungu madzulo ndinanyamula laputopu ndi foni kupita pa chulu paja, ndinakhala pansi ana a sukulu akundiyang'ana modabwa, ndinayatsa hotisipoti, ndipo patatha mphindi zochepa mndandanda unabwerera. Data imene inapita inali yochepa kwambiri, koma popanda kanetiweki kameneko sindikanachita kanthu. Ndinazindikira mochedwa kuti chimene ndinachotsa ndi chomwecho chimene chinkandilola kusewera.

Nachisale

Aphunzitsi afotokoza bwino kuposa mmene ndikananenera ine. Foda imene akunenayo ndi iyi:

```
C:\Program Files (x86)\Ubisoft\Ubisoft Game Launcher\cache
```

ndipo m'kati mwake muli foda ina yotchedwa ownership, mmene mumasungidwa zimene seva inanena za magemu a akaunti yanu. Malangizo a achimwene a ku Ndirande ali ndi malo ake. Ngati muli pa akaunti yoyenera, gemu ikuoneka pa mndandanda, intaneti ili bwino, koma uthenga wa umwini ukubwerabe, n'kutheka kuti zosungidwazo ndi zakale kapena zinaonongeka, mwachitsanzo magetsi atathima pulogalamu ili pakati polemba. Pamenepo mumatseka Ubisoft Connect kotheratu, kuphatikizapo kachizindikiro kake ka pafupi ndi wotchi, ndipo fodayo simuichotsa koma mumaisintha dzina, kuti pulogalamu ipange yatsopano pofunsa ku seva. Zikakanika mumabweza dzina lakale ndipo simunataye kanthu. Koma zimenezi zimachitika pokhapokha intaneti ilipo ndipo maseva akuyankha. Gemu ikamayenda bwino, monga ya Bambo a Tadala lero, fodayo isakhudzidwe.

Ndionjezere chinthu china chimene ndimachipeza kawirikawiri pa malaputopu akale. Kabatire kakang'ono ka pa bodi kakatha, tsiku ndi nthawi zimabwerera m'mbuyo kompyuta ikazimitsidwa, ndipo pulogalamu imalephera kulumikizana ndi seva mwachitetezo chifukwa masiku sakugwirizana. Munthu amaganiza kuti gemu yalandidwa pamene vuto ndi wotchi. Musanayambe kufufuza zakuya, yang'anani tsiku limene kompyuta ikuonetsa.

Achimwene a ku Mzuzu

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndili ndi nkhawa ndi milungu itatuyo. Ine ndinamva kuti ofulayini ya Steam imatha pakapita milungu iwiri, kenako imakukakamiza kulowanso pa intaneti. Ngati zili choncho, bambowa sabata yachitatu adzakhala akungoyang'ana laputopu.

Mphunzitsi wa ku Dedza

Kwa ine Steam yakhalapo pa ofulayini kupitirira mwezi wathunthu popanda kundifunsa kanthu, ndiye za milungu iwirizo sindinazione. Chimene chinandivutapo ndi china. Ulendo wina ndinabwerera pa intaneti kwa kanthawi kuti ndione mitengo, Steam inaona kuti gemu ina ili ndi apudeti yaikulu, batani la Play linasanduka Update, ndipo bandulo yanga siikanakwanira. Kuyambira pamenepo ndikakhala kusukulu sindiibweza Steam pa intaneti mpaka nditafika kutauni kumene ndingathe kumaliza chilichonse chimene ingapemphe.

Nachisale

Mawu a milungu iwiriwa akhala akuyenda kwa zaka zambiri, koma nanenso makasitomala anga amene amagwira ntchito kumadera akutali amakhala nthawi yoposa pamenepo Steam osavuta. Chimene chimadula ofulayini kawirikawiri si Steam, koma chitetezo chachitatu chimene magemu ena amakhala nacho m'kati mwawo. Chodziwika kwambiri ndi Denuvo. Gemu yokhala ndi chitetezo chimenechi ikatsegulidwa koyamba pa intaneti, imalandira chiphaso chogwirizana ndi kompyuta imeneyo, ndipo chiphasocho chimasungidwa kuti gemu izitseguka popanda intaneti. Kompyuta ikasintha kwambiri, monga kusintha purosesa kapena kulandira apudeti yaikulu ya Windows, chiphaso chija chimatha kusiya kugwirizana nayo, ndipo gemu imafunanso intaneti kamodzi kuti itenge china. Apudeti ya gemu yeniyeniyo imachitanso chimodzimodzi. Palinso malire akuti gemu imodzi ikhoza kutsimikizidwa pa makompyuta osiyana 5 okha m'maola 24, ndipo munthu amene akusinthasintha zipangizo poyesa kukonza vuto amatha kufika pa malirewo ali pa kompyuta imodzi yomweyo. Zikatero palibe chokonza, amangodikira tsiku lathunthu.

Kuti mudziwe chimene gemu yanu ili nacho, pitani pa tsamba lake mu sitolo ya Steam, kumanja, pamene pamalembedwa Incorporates 3rd-party DRM ndi Requires 3rd-Party Account. Mizere imeneyi ndi yofunika kuiwerenga musanalipire, makamaka kwa ife amene intaneti yathu ndi ya bandulo. Kwa Bambo a Tadala tanthauzo lake ndi lakuti, poti Windows yanu ndi yatsopano ndipo ikadali ndi maapudeti ambiri oti ilandire, muilole imalize onse tsopano, muyatsenso kompyuta, kenako mutsegule gemu muli pa intaneti, ndipo pambuyo pake mudine Pause updates mu Windows Update. Mukasintha dongosololi, n'kulola Windows kudzikonza usiku wa Lachinayi mutayesa kale gemu, mukhoza kunyamuka ndi chiphaso chimene sichikugwiranso ntchito. Za nthawi yeniyeni imene Ubisoft Connect ingakhale osafunsa, aphunzitsi ndi amene aiyesa kwa nthawi yaitali kuposa ine.

Mphunzitsi wa ku Dedza

Kwa ine inafika pafupifupi mwezi, mpaka tsiku limene ndinaiononga ndekha lija. Koma gemu yanga ndi ina, si Far Cry 5, ndiye sindingalonjeze kuti zidzafanana. Langizo langa ndi lakuti anyamule foni yokhala ndi kabandulo kakang'ono, ndipo afunse achinyamata a m'mudzimo malo amene netiweki imagwira, chifukwa kutsimikiza umwini sikudya data yambiri. Akakakamizika kulumikiza, ayambe ndi kuona ngati ndi Ubisoft Connect yokha imene ikufuna intaneti, ndipo Steam aisiye pa ofulayini.

Wa ku Joni

Ndiye kodi tinganene kuti gemu iliyonse imene munthu wagula ikhoza kusungidwa mwa njira imeneyi, ngakhale kampani itasiya kuisamalira?

Nachisale

Ayi, si iliyonse. Pali magemu amene anapangidwa kuti mbali ina ya masewero izichitikira pa seva, ndipo amenewo alibe chosunga pa disiki chimene chingalowe m'malo mwa sevayo. Chitsanzo chodziwika ndi The Crew, gemu ya magalimoto ya 2014, imene maseva ake anatsekedwa pa 31 Malichi 2024, ndipo kuyambira pamenepo siinkaseweredwanso ngakhale ndi amene anagula ya pa chimbale. Far Cry 5 si ya mtundu umenewo, nkhani yake yaikulu munthu amasewera yekha popanda intaneti, kupatula mbali zosewera ndi anzake. Amene akufuna gemu yosadalira chitsimikizo chilichonse amayang'ana ku sitolo ya GOG, imene imapereka mafayilo oikira gemu oti munthu asunge pa disiki yake, koma si magemu onse amene amapezeka kumeneko.

Bambo a Tadala

Ndatsatira zonse mwa dongosolo limene mwanena. Windows inatenga usiku wonse kumaliza maapudeti ake. M'mawa uno ndinatsegula gemu ndili pa intaneti, ndinasewera pang'ono, ndinaika mapulogalamu onse awiri pa ofulayini, ndinazimitsa intaneti ndi laputopu, ndipo nditayatsanso gemu yatseguka. Inachedwa pang'ono pa khomo lachiwiri lija, mtima unagunda, koma inadutsa.

Chatsala ndi chimene chikundivutabe mumtima. Gemu ndinalipira ine, risiti ili m'dzina langa, koma ili pa akaunti ya mwana. Iye akadzasintha pasiwedi kapena kutaya imelo yake, ndidzabwereranso pamene ndinali sabata yatha. Kodi ndikachotsa kulumikizana kwa akaunti yanga ya Steam ndi akaunti yake, n'kuilumikiza ku yanga yatsopano ija, gemu siingasamuke? Kapena ndipemphe Steam indibwezere ndalama kuti ndigulenso mwatsopano?

Nachisale

Zonse ziwiri sizingathandize. Kuchotsa kulumikizana sikusamutsa gemu, imatsalabe pa akaunti imene inalembedwa poyamba, ndipo mukhoza kungodzionjezera vuto pa zinthu zimene zikuyenda. Kubweza ndalama pa Steam kumatheka mwa lamulo lawo ngati sipanathe masiku 14 chigulireni ndipo mwasewera osakwana maola 2, pamene inu mwadutsa zonse ziwiri kalekale. Njira imene ilipo ndi kulembera a chithandizo a Ubisoft, kufotokoza kuti gemu inalembedwa pa akaunti ya wachibale mosazindikira, ndi kutumiza chithunzi cha risiti chochokera pa Account details, pa View purchase history, chooneka dzina la akaunti yanu ya Steam, dzina la gemu ndi tsiku. Chigamulo ndi chawo, ndipo n'kutheka kuti adzafuna kuti mwini akaunti inayo avomereze. Koma musayambe zimenezi sabata ino. Akakhudza umwini muli kumudzi, zosungidwa zanu zidzakhala za akaunti yakale, ndipo ulendo wanu wa mu gemu ulinso mu foda ya nambala ya akaunti imeneyo.

Achimwene a ku Mzuzu

Ine ndikuona kuti njira yapafupi ndi yakuti mwanayo asinthe imelo ya pa akauntiyo, aikepo ya amalume ake, iye atsegule ina. Ndi nkhani ya m'banja, siifunika kulembera anthu akunja.

Nachisale

Ambiri amachita zimenezo, koma malamulo a makampani amenewa salola kupatsana maakaunti, ndiye sindinganene kuti ndi njira yopanda chiopsezo. Komanso imelo ya bambowa yagwiritsidwa kale ntchito pa akaunti yatsopano ija, ndipo imelo imodzi siikhala pa maakaunti awiri, choncho pangafunike imelo ina. Mwanayonso ali ndi gemu yake ya ulere pamenepo, imene mwina sangafune kuitaya.

Bambo a Tadala

Ndalankhula naye madzulo ano. Akuti gemu yakeyo amaifunabe akadzapeza kompyuta yake, ndipo sindikufuna kumulanda chinthu chimene anachipeza yekha. Tagwirizana kuti asasinthe pasiwedi kapena kulowa mu akauntiyo kwina kulikonse mpaka nditabwerako, kenako tidzakhala pansi limodzi pa tchuthi chake n'kulembera a chithandizo tili ndi risiti ndi maimelo onse awiri pafupi. Foda ya savegames ndaikopera pa fulashi. Aphunzitsi, kwathu kulibe chulu chodziwika, koma achemwali anga akuti pa mjigo wa pafupi ndi tchalitchi foni imagwira m'mamawa, ndiye ndagula kabandulo ka sabata kuti ndikakayese tsiku loyamba ndisanakafune.